Kumasulira mobwerera pamene ziganizo zomasuliridwa kale zili zochepa

"Ndili ndi ziganizo 20,000 zokha za Chingerezi zomwe zili ndi Chichewa chake, zambiri zochokera m'mabuku achipembedzo. Ndasonkhanitsanso ziganizo 300,000 za Chichewa chokhachokha. Ndikufuna modelo yomasulira kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Zachichewa chokhazi ndingazitani?"

Zikomo polemba. Yambani ndi kupanga modelo imene simukuifuna, yochoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi. Iphunzitseni ndi ziganizo 20,000 zija, kenako muipatse Chichewa chanucho kuti ichimasulire. Chingerezi chake chidzakhala chopunduka, musadandaule. Chiganizo chilichonse chikapeza mnzake, mumazitembenuza: Chingerezi cha makinacho chimakhala cholowa, Chichewa cholembedwa ndi anthu chimakhala chotuluka. Pamenepo ndi pomwe mumaphunzitsa modelo yanu yeniyeni. Njirayi, imene pa Chingerezi imatchedwa back-translation kapena BT mwachidule, inatchuka mu 2016 kudzera mwa Rico Sennrich, Barry Haddow ndi Alexandra Birch a ku yunivesite ya Edinburgh.

Nkhani yonse yagona pa mbali imene mwaika mawu a makina. Modelo imaphunzira kulemba potsanzira zimene zili ku mbali yotuluka. Ku mbali yolowa imangofuna poyambira, ndipo zolakwika zapang'ono imazipirira. Taonani mzere uwu:

```
<BT> if rain not fall this week the seed wither
Mvula ikapanda kugwa sabata ino, mbewu zifota.
```

Chingerezicho n'chothyokathyoka, koma modelo yaona "ikapanda kugwa" ndi "zifota" monga momwe munthu amalembera. Mukasemphanitsa, n'kuika Chichewa cha makina ku mbali yotuluka, ndiye kuti mukuiphunzitsa kubwereza zolakwa zake zomwe. Ambiri amaphonya pamenepa.

Kachizindikiro ka `<BT>` kali koyambirirako kamauza modelo kuti chiganizochi n'chopangidwa ndi makina. Isaac Caswell ndi anzake anaonetsa mu 2019 kuti kamathandiza. Pomasulira zenizeni simukaikapo.

Tsono kuchuluka kwake. Mukathira zonse 300,000 pa 20,000, chiganizo chenicheni chimodzi chidzazunguliridwa ndi zamakina 15, ndipo modelo idzazolowera Chingerezi chimene palibe munthu amalemba. Ine ndikanayamba ndi 100,000 zosankhidwa bwino, n'kubwereza zenizenizo kasanu kuti mbali ziwirizi zilingane. Mukaona kuti zathandiza, onjezerani pang'onopang'ono. Pomaliza n'kwabwino kuiphunzitsanso kanthawi kochepa ndi zenizeni zokha.

Kusankhako ndi ntchito yotopetsa, koma musaidumphe. M'zolemba zotengedwa pa intaneti mumakhala mizere ya Chingerezi yosakanikirana ndi Chichewa. Modelo yobwerera ikakumana ndi mzere wotere imangoukopera, mbali zonse ziwiri n'kufanana, ndipo modelo yanu imaphunzira kuti kukopera ndi kumasuliranso. Mudzazindikira vutoli ikayamba kukubwezerani Chingerezi osachikhudza. Chotsani mizere yotereyi, yobwerezedwa, komanso ija imene mbali imodzi yatalika kuposa inzake kawiri kapena katatu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa deta yanu ndi gwero lake. Modelo yoleredwa ndi mabuku achipembedzo ikapatsidwa nkhani ya mpira kapena ya bajeti, sivomera kuti sikudziwa. Imatulutsa Chingerezi chosalala chokamba za mafumu ndi aneneri, chosagwirizana n'komwe ndi chimene yapatsidwa. Chingerezi chothyoka chilibe vuto lalikulu, koma chosalala chonamachi n'choopsa, chifukwa chimaphunzitsa modelo kunyalanyaza zolowa n'kumapeka zake. Tengani mizere 100 mwachisawawa muiwerenge ndi maso anu. Ngati yambiri yasochera tanthauzo, musapitirire. Bwererani mukonze modelo yobwererayo, mwina poyambira pa modelo yodziwa kale zilankhulo zambiri monga NLLB-200, imene ili ndi Chichewa pansi pa dzina la `nya_Latn`, m'malo moyamba popanda kanthu.

Mwina mwawerengapo kuti popanga ziganizozi `--sampling`, imene imasankha mawu mwamwayi, imaposa `--beam 5`, imene imafunafuna chiganizo chimene modelo ikuchikhulupirira kwambiri. Sergey Edunov ndi anzake anapezadi zimenezo mu 2018, koma pa deta yochuluka. Pa deta yochepa anapeza zosiyana, chifukwa modelo yofooka ikamasankha mawu mwamwayi imangobwebweta. Inu khalani pa `--beam`.

Poyesa, patulani ziganizo 1,000 zomasuliridwa ndi anthu musanayambe chilichonse, ndipo onetsetsani kuti Chichewa chake sichikupezekanso m'gulu la 300,000 lija. Chikapezekamo, malikisi adzakwera mokunamizani. Lamulo ili limayerekeza Chichewa cha anthu, `ref.ny`, ndi cha modelo, `hyp.ny`, n'kupereka malikisi a mitundu iwiri, chrF ndi BLEU:

```
sacrebleu ref.ny -i hyp.ny -m chrf bleu
```

Khulupirirani kwambiri chrF. BLEU imawerenga mawu athunthu, ndiye "sindinamuone" ndi "sindidamuone" imawatenga ngati osiyana kotheratu, pamene chrF imayang'ana timagulu ta zilembo n'kuona kuti akusiyana chilembo chimodzi.

Ngati muli ndi Chingerezi chokhachokha cha nkhani zofanana, chimasulireni ndi modelo yatsopanoyo kuti mulimbitse yobwerera ija, kenako mumasulirenso Chichewa chonse kachiwiri. Kawirikawiri phindu lalikulu limabwera pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. chrF ikasiya kukwera pa ziganizo 1,000 zija, lekerani pomwepo.