Kalata yopita kwa kalipentala iyambire pa tebulo lawo

"Ndimalemba mawu otsatsira malonda, ndipo ndimagwira ntchito pandekha. Pali bambo ena opanga mipando ndi matebulo okongola kwambiri, koma pa tsamba lawo la Facebook amangoika chithunzi n'kulemba kuti 'Tebulo lilipo, imbani.' Ndikufuna kuwalembera kalata yopempha kuti ndiziwalembera mawu otsatsira katundu wawo. Ndayesa katatu, koma ndikaiwerenga ikumamveka ngati kalata yofunsira ntchito ya mu ofesi. Ndilembe zotani kuti andiyankhe?"

Achemwali, makalata atatuwo sindinawaone, koma ndikukhulupirira kuti onse akuyamba ndi inu: dzina lanu, sukulu yomwe munapita, zaka zomwe mwakhala mukulemba. Vuto lagona pamenepo. Bambo amene akuwerenga kalatayo ali ndi utuchi m'manja, makina akulira, kasitomala wina akudikira kabati yomwe inayenera kutha dzana. Maphunziro anu sawathandiza kalikonse pa nthawi imeneyo. Chomwe chingawaimitse n'kuona tebulo lawo lomwe litafotokozedwa bwino kuposa mmene iwo analifotokozera. Choncho siyani kaye kulemba, mupite ku shopuko.

Mukapita, musakanene zambiri za ntchito yanu. Sankhani chinthu chimodzi chomwe anaika kale pa tsamba lawo, tinene tebulo lodyera, ndipo mufunse ngati munthu wofuna kudziwa. Thabwa lake ndi lanji? Anaumitsa nthawi yaitali bwanji asanayambe kulipala? Miyendo anailumikiza bwanji, anangokhoma misomali kapena anasema mabowo n'kulowetsa thabwa m'thabwa linzake ndi guluu? Vanishi anapaka kangati? Kuchokera tsiku la oda mpaka kutenga katundu pamapita masiku angati? Tengani tepi yawo muyeze nokha. Ndipo funso lomwe ndimalikonda kuposa onse ndi ili: "Anthu akaimba foni amafunsa chiyani kawirikawiri, nanga amathawira pati?" Amisiri ambiri amayankha msanga, chifukwa nkhani imeneyi imawapweteka. Munthu amaimba, amva mtengo, anena kuti wakwera, adula foni. Wayerekeza tebulo la mlombwa ndi la paini lopakidwa utoto wakuda lomwe anaona kwina, ndipo pa chithunzi onse awiri amaoneka ofanana.

Ntchito yanu ili apa ndithu. Chithunzi chimaonetsa maonekedwe, koma sichinena chifukwa chomwe tebulo lina limakwerera mtengo. Sichinena kuti mtima wa mlombwa sufumbwa msanga, chiswe sichiukonda, ndipo thabwa lake silipindika kwambiri nyengo ikasintha. Sichinena kuti paini ndi wopepuka komanso wotsika mtengo, koma ndi wofewa, moti kiyi akagwerapo mwamphamvu amasiya chipsera. Sichinenanso kuti thabwa losauma bwino limang'aluka kapena kupindika likakhala m'nyumba miyezi ingapo. Mmisiri amadziwa zonsezi, kungoti amaziona ngati zodziwikiratu, n'chifukwa chake sazilemba.

Mukabwerako, lembani mawu a tebulo limodzilo, mwaulere, ndipo muwaike pakati penipeni pa kalata. Kalata yonse ikwane tsamba limodzi. Tiyerekeze kuti bambowo anakuyankhani kuti tebulo ndi la mlombwa, la anthu 6, ndipo limatenga milungu itatu. Ine ndikanalemba chonchi:

"Okondedwa Bambo,

Ndine amene ndinabwera Lachiwiri kudzafunsa za tebulo lodyera lija. Munandiuza kuti anthu ambiri akamva mtengo amadula foni, chifukwa sadziwa kusiyana kwa tebulo lanu ndi ena otchipa. Ndayesa kulemba mawu oti aziyenda ndi chithunzi chake:

Tebulo lodyera la anthu 6, la mlombwa wouma bwino. Kutalika masentimita 180, m'lifupi 90, kuchoka pansi 75. Miyendo yake ndi yolowetsedwa m'mabowo osemedwa n'kumatidwa ndi guluu, choncho siligwedera ngakhale mulikoke tsiku ndi tsiku posesa. Vanishi tapaka katatu. Mukaoda, mudzatenga pakatha milungu itatu. Ngati chipinda chanu n'chaching'ono, tiuzeni miyezo, tipanga lokwanira pamenepo. Bwerani mudzaligwire nokha musanalipire.

Mawu amenewa ndi anu, mutha kuwagwiritsa ntchito popanda kulipira. Ngati pali pomwe ndalakwitsa, mundikonze.

Akakusangalatsani, ndikupempha kuti ndikulembereni ena otere a zinthu zisanu zomwe mumagulitsa kwambiri, komanso mayankho atatu okonzeratu a pa WhatsApp: la wofunsa mtengo, la wofunsa masiku, ndi la wofunsa za dipoziti. Ndidzafunika ola limodzi lokha la nthawi yanu, ndipo ndidzamaliza m'masiku 7. Mukawerenga, mutha kundibwezera kawiri kuti ndikonze popanda ndalama yowonjezera. Theka la malipiro ndimalandira poyamba, theka lina pomaliza.

Ndidutsanso Lachisanu masana kudzamva maganizo anu.

Ine wanu,"

Pa chiganizo cha malipirocho mulembepo ndalama yake yeniyeni, nambala imodzi ya ntchito yonse. Musalembe kuti "tidzakambirana". Kalipentala amagwira ntchito ndi mitengo yodziwika: bedi ndalama zakuti, kabati ndalama zakuti. Mukabisa mtengo amaganiza kuti ndi waukulu, ndipo amachita manyazi kufunsa. Kulipiritsa pa ola kapena pa chiwerengero cha mawu kumawasokoneza, chifukwa sangathe kudziwiratu kuti zidzathera pati. Koma za dipoziti musaope konse. Iwonso salowetsa sowo m'thabwa asanalandire kenakake kogulira matabwa, ndiye akumvetsani.

Taonani kuti m'mawu a tebulo aja mulibe "zapamwamba zedi", mulibe "zosayerekezeka", mulibe "zolimba mpaka kalekale". Mawu otere aliyense amalemba, ngakhale wokhoma mipando yomwe imathyoka mwezi usanathe, ndiye wogula anasiya kuwamva. Koma "masentimita 180" amachititsa mayi kutenga tepi n'kukayeza pabalaza pake, ndipo munthu amene wayeza kale malo wayandikira kugula.

Pali cholakwa chimodzi chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muchipewe, chifukwa ine chinandigwera. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndinalembera mmisiri wina mawu a kabati. Ndinaona thabwa lofiirira pa chithunzi, ndipo posafunsa ndinalemba kuti ndi mbawa. Iwo sanawerenge mosamala, anangoika. Wogula atafika anapeza kuti ndi paini wopakidwa mtundu, ndipo anawanena bambowo kuti ndi abodza pamaso pa anyamata awo. Bodzalo linali langa, koma dzina loipitsidwa linali lawo. Kuchokera tsiku limenelo, mfundo iliyonse yokhudza thabwa, miyezo ndi masiku imachokera pakamwa pa mmisiri, ndipo ndimawawerengera mokweza asanaiike poyera. Chiganizo chija chakuti "ngati pali pomwe ndalakwitsa, mundikonze" chili m'kalata pa chifukwa chimenechi. Chimawapatsanso ulemu wawo, poti wodziwa matabwa ndi iwo.

Ulemu womwewo ukuletseni kunyoza zomwe amalemba panopa. Olemba ambiri amayamba ndi kuloza zolakwika: tsamba lanu ndi losakopa, zithunzi zanu n'zakuda, mukutaya makasitomala. Mwina n'zoona, koma mwina amene amaika zithunzizo ndi mwana wawo kapena mayi a kunyumba. Ikani mawu anu pafupi ndi chithunzi chawo, kusiyanako adzakuona okha.

Tsopano za malonjezo. Mudzafuna kulemba kuti malonda awo adzakwera kawiri. Musatero. Kugulitsa kumadalira mtengo, nyengo, ubwino wa zithunzi, komanso ngati foni imayankhidwa, ndipo zonsezi sizili m'manja mwanu. Palinso china chomwe olemba ambiri sachiganizira: shopu ya anthu atatu ili ndi malire a katundu yemwe ingamalize pa mwezi. Ngati bambowo ali kale ndi maoda odikira miyezi iwiri, kuwalonjeza makasitomala ochuluka n'kuwalonjeza mikangano ndi anthu okwiya chifukwa cha kuchedwa. Kwa mmisiri wotere, phindu la mawu anu ndi lina: mafoni ongofunsa "ndi zingati" amachepa, ndipo amene akuimba amakhala atamvetsa kale chifukwa cha mtengowo. Choncho pa ulendo woyamba uja funsani ngati ntchito ikuwachepera kapena ikuwachulukira. Yankho lake ndi lomwe likuuzeni chiganizo choyamba cha kalata yanu.

Chomwe mungalonjeze moona ndi njira yoonera ngati zathandiza. Apempheni kuti kwa mwezi umodzi azilemba m'kope aliyense wofunsa: wafunsa chinthu chanji, wachiona kuti, wafika pa shopu kapena ayi. Chizindikiro choyamba sichikhala ndalama, chimakhala mafunso. Anthu akasiya kufunsa kuti "ndi thabwa lanji" n'kuyamba kufunsa kuti "mungapange la anthu 8", dziwani kuti mawu akugwira ntchito. Ngati mafunso sanasinthe, onani kaye ngati mawuwo akuikidwadi pansi pa zithunzi, chifukwa nthawi zambiri amangokhala mu foni ya bwana osatumizidwa kwa amene amayendetsa tsamba.

Kalatayo isindikizeni pa pepala ndipo mukapereke pamanja, kenako mutumize mawu a tebulo aja pa WhatsApp kuti asavutike kukopera. Imelo yokha ikhoza kukhala milungu osatsegulidwa. Lachisanu lomwe mwalonjeza lija mupitedi. Mukawapeza atatanganidwa, funsani tsiku lina, ndipo mubwererenso kamodzi kokha pakatha mlungu. Akakhala chete pamenepo, asiyeni ndi mawu aulere aja, inu mukayeze tebulo la mmisiri wina. Akati ndalama yawakulira, musatsitse mtengo wa ntchito yomweyo. Chepetsani ntchitoyo: zinthu ziwiri m'malo mwa zisanu, ndipo muyambe ndi chomwe chakhalitsa pa shopu osagulidwa.