Mtengo wa golide umapangidwa ndi ndani boma litausiya?

"Zikomo chifukwa cha nkhani za ndalama zomwe mumalemba. Ndinamva kuti kale dola inali yomangiriridwa ku golide ndipo mtengo wa golide sunkasintha. Nanga chingwe chimenecho atachidula, amene amanena mtengo wa golide lero ndi ndani? Mchimwene wanga amakumba golide ku Machinga ndipo mtengo womwe amamuuza umasinthasintha."

Zikomo kwambiri, achimwene. Yankho lalifupi ndi lakuti kale mtengo unkaima pamalo amodzi ndipo chomwe chinkasuntha ndi golide mwiniwake, kutuluka m'nkhokwe ya boma lina kupita ku ina. Lero palibe boma lomwe lalonjeza kutsegula nkhokwe yake, choncho chomwe chimasuntha ndi mtengo.

Mu 1934 boma la Amereka linakhazikitsa kuti aunsi imodzi ya golide, yomwe ndi magalamu 31.1, ikhale madola 35. Pamsonkhano wa ku Bretton Woods mu 1944 mayiko anagwirizana kuti ndalama zawo zizitsatira dola, ndipo Amereka inalonjeza kuti banki yaikulu ya dziko lina ikabweretsa madola 35 izipatsidwa aunsi ya golide. Lonjezoli ndilo linkagwira mtengo. Muliyerekeze ndi chimanga cha ku ADMARC: mtengo wa boma umalemekezedwa pamsika malinga ngati m'depoti muli matumba. Anthu akangodziwa kuti matumba atsala pang'ono, aliyense amathamangira pamzere ndipo mavenda amayamba kutchula mtengo wawo.

Ndi zimenezi zinachitikira golide. Madola anachuluka kunja kwa Amereka kuposa golide yemwe anali m'nkhokwe zake. Mu 1961 mabanki aakulu a mayiko 8 anasonkha golide kuti azigulitsa pamsika wa ku London nthawi iliyonse mtengo ukafuna kudumpha madola 35. Anagwira kwa zaka zingapo, koma France inatulukamo mu 1967, ndalama ya Britain inachepetsedwa mphamvu mu Novembala chaka chomwecho, ndipo ogula anakhamukira ku golide. Mu Malichi 1968 msika wa ku London unatsekedwa kwa milungu iwiri. Utatsegulidwa panali mitengo iwiri: madola 35 pakati pa maboma okhaokha, ndi mtengo wa pamsika wa wina aliyense. Ineyo ndimaona kuti mtengo wa golide unamasuka chaka chimenechi, ngakhale ambiri amatchula 15 Ogasiti 1971, tsiku lomwe Pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti Amereka yasiya kusintha madola ndi golide. Pambuyo pake mtengo wa boma anaukweza kufika pa madola 38, kenako 42.22 mu 1973, koma unali wa papepala chabe chifukwa panalibe amene ankagulitsa golide pamtengowo. Mu 1978 bungwe la IMF linathetseratu mtengo wa boma m'malamulo ake.

Tsopano, mtengo wa lero umachokera kuti? Ku London kumachitika malonda opikisana kawiri patsiku, 10:30 m'mawa ndi 3 koloko masana. Woyendetsa malondawo amatchula mtengo, ndipo mabanki ndi amalonda omwe ali nawo amanena kuchuluka kwa golide yemwe akufuna kugula kapena kugulitsa pamtengo umenewo. Ogula akachuluka mtengo amaukweza n'kufunsanso. Ogulitsa akachuluka amautsitsa. Amabwereza mpaka mbali ziwirizo zitatsala pang'ono kufanana, ndipo mtengo wa pamenepo ndiwo umalengezedwa ndi dzina lakuti LBMA Gold Price. Mwambowu unayamba mu 1919 ndi makampani asanu omwe ankakumana mu ofesi ya banki ya Rothschild, ndipo kuyambira 2015 umachitika pa kompyuta. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ankasewera pafupi ndi nambala yomwe boma linakhoma, pomwe lero kulibe denga kapena pansi. Pakati pa malonda awiri a patsikuwo mtengo umayendabe, makamaka chifukwa cha msika wa COMEX ku New York, komwe kuyambira kumapeto kwa 1974 anthu amagulitsana mapangano a golide wodzaperekedwa m'tsogolo, ambiri a iwo osafuna n'komwe kudzamugwira m'manja.

Apa pali chinthu chomwe ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa chikukhudza mchimwene wanu. Mtengo wa golide sudalira kwenikweni okumba. Golide sadyedwa, sachita dzimbiri, ndipo pafupifupi yense amene anakumbidwa chiyambire akadalipo, matani oposa 200,000. Migodi yonse ya padziko imawonjezerapo matani pafupifupi 3,500 pachaka, osakwana ngakhale magawo awiri pa 100 alionse. Choncho amene amasuntha mtengo ndi omwe asunga kale golide, akaganiza zomugwiritsitsa kapena kumugulitsa.

Nanga amaganiza potengera chiyani? Chachikulu ndi chiwongoladzanja. Golide sabereka. Munthu wosunga golide amataya chiwongoladzanja chomwe akanapeza akanabwereketsa ndalamazo ku boma la Amereka. M'zaka za m'ma 1970 mitengo ya zinthu inkakwera msanga kuposa chiwongoladzanja, motero wosunga madola ankaluza, ndipo golide anakwera mpaka madola 850 pa 21 Januwale 1980. Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu ya Amereka, atakweza chiwongoladzanja kufika pafupifupi 20 peresenti, kusunga madola kunayamba kupindulitsa ndipo pofika pakati pa 1982 golide anali atagwa kufika cha m'ma 300. Amene anagula pa 850 anadikira mpaka 2008 kuti aonenso nambala imeneyo. Ndimazinena izi kwa aliyense wondiuza kuti golide sagwa.

Maboma sanachoke pamsika, koma tsopano ndi ogula ndi ogulitsa ngati ena onse, kungoti matumba awo ndi akuluakulu. Britain italengeza mu 1999 kuti igulitsa gawo lalikulu la golide wake, mtengo unatsika kufika pafupi ndi madola 250, mpaka mabanki aakulu a ku Ulaya anagwirizana kuti onse pamodzi asamapitirire matani 400 pachaka. Mu 2022 zinthu zinali zitatembenuka: mabanki aakulu anagula matani oposa 1,000, ndipo kugula kumeneku kunathandiza kuti mtengo usagwe kwambiri ngakhale chiwongoladzanja chinali kukwera.

Tibwere kwa mchimwene wanu. Mtengo wake umadutsa m'misika iwiri yoyandama, wa golide ndi wa kwacha. Tiyerekeze kuti ku London aunsi ili pa madola 2,000, momwe zinalili cha kumapeto kwa 2023. Mukagawa ndi 31.1 mupeza madola 64.3 pa galamu ya golide woyengeka. Dola ili pa K1,180, galamuyo ndi pafupifupi K75,900. Mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu, dola n'kufika pa K1,700, galamu yomweyo inakhala pafupifupi K109,300, ku London kusanasinthe chilichonse. Golide wa mumtsinje sakhala woyengeka; ngati mwa magawo 100 alionse 85 okha ndiwo golide weniweni, mtengowo utsika kufika pafupifupi K92,900, ndipo wogula adzachotsaponso zoyengera ndi phindu lake.

Choncho wogula akamuuza kuti "mtengo watsika kunja", mchimwene wanu angathe kutsimikiza yekha. Ayang'ane pa foni mtengo wa aunsi wa tsikulo, agawe ndi 31.1, achulukitse ndi mtengo wa dola, kenako afunse wogulayo kuti wayeza bwanji kuyengeka kwa golideyo ndipo akuwerengera dola pamtengo uti, wa ku banki kapena wa mumsewu. Mitengo iwiri ya dolayi ikatalikirana kwambiri, wogula wowerengera pa wa ku banki n'kukagulitsa golideyo kunja amapeza phindu loposa lomwe akuonetsa, ndipo ndi pamenepo mchimwene wanu ali ndi mpata wonenerera.