Khanda langa maso asanduka achikasu, kodi ndi matenda omwe anatenga agogo ake?

"Mwana wanga wachisamba, wamwamuna, anabadwa Lolemba m'mawa miyezi itakwana bwinobwino. Lachitatu madzulo ndinaona kuti maso ndi nkhope zayamba chikasu, ndipo lero Lachisanu chafika pachifuwa. Akuyamwa koma amakonda kugona. Apongozi anga aakazi akuti ndizingomuotheretsa dzuwa. Chikundiopsa n'chakuti apongozi aamuna anamwalira chaka chatha maso ali achikasu, mimba itatupa. Kodi ndi matenda omwewo? Ndipite kuchipatala kapena ndidikire?" (Mayi wa ku Balaka)

Mayi, pitani naye kuchipatala lero lomwe, musadikire Lolemba. Sindikutero chifukwa ndikuganiza kuti mwana ali ndi matenda a agogo ake, ayi. Mmene mwafotokozeramu zikufanana kwambiri ndi chikasu chimene makanda ambiri amakhala nacho n'kuchira okha. Koma mwana wanu ali pa masiku enieni amene chikasu chimafika pachimake, ndipo mwatchula kugona. Zimenezi zimafunika kuonedwa ndi namwino kapena dokotala, osati kungoyerekeza kunyumba.

Chikasu si matenda paokha, ndi chizindikiro. M'magazi mwathu muli timaselo tofiira timene timakalamba n'kuswedwa tsiku ndi tsiku, ndipo tikasweka timasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubini. Chiwindi chimatola utotowu, kuusakaniza mu ndulu, n'kuutumiza m'matumbo kuti utuluke ndi chimbudzi. Ndi utoto womwewu umene umapatsa chimbudzi mtundu wake. Magazi akamasweka mofulumira kwambiri, kapena chiwindi chikalephera ntchito, kapenanso njira ya ndulu ikatsekeka, utotowo umadzaza m'magazi n'kuyamba kuonekera m'maso ndi pakhungu.

Kwa khanda zinthu zimangokumanizana. Limabadwa ndi timaselo tofiira tambiri, ndipo timaselo take timakhala masiku 70 mpaka 90 okha pamene ta munthu wamkulu timakhala pafupifupi masiku 120. Chiwindi chake nacho sichinakhwime, popeza ali m'mimba ntchito yochotsa utotoyi imagwiridwa ndi thupi la mayi. N'chifukwa chake ana pafupifupi 6 mwa 10 obadwa masiku atakwana, komanso 8 mwa 10 obadwa masiku asanakwane, amaoneka achikasu sabata yoyamba. Chikasu choterechi chimayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimakwera mpaka tsiku lachinayi kapena lachisanu, kenako chimazilala n'kutha pofika masabata awiri.

Wanu chinayamba atatha masiku awiri ndi theka, ndipo zimenezi n'zolimbikitsa. Chikanaoneka m'maola 24 oyambirira ikanakhala nkhani ina, chifukwa chikasu cha tsiku loyamba nthawi zonse chimatengedwa ngati changozi. Kawirikawiri chimasonyeza kuti magazi a mwana akusweka mwamsanga, mwina chifukwa gulu la magazi ake silikugwirizana ndi la mayi, monga mayi wa gulu O atabereka mwana wa gulu A kapena B. Ngati mukudziwa gulu la magazi anu, kauzeni achipatala.

Tsono za pamene chafika. Chikasu cha khanda chimayambira kumutu n'kumatsika, nkhope, chifuwa, mimba, ntchafu, mpaka kumapazi. Muvuleni pafupi ndi zenera masana, osati pa kuwala kwa babu kapena tochi. Dinikizani chala pamphuno kapena pachipumi pang'ono n'kuchotsa, muone mtundu umene watsala pamenepo magazi asanabwerere. Onaninso nkhama ndi koyera kwa maso. Chikasu chikafika m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi ndiye kuti chakwera kwambiri, ndipo ulendo wa kuchipatala sudikira kuti kuche. Koma musakhulupirire maso okha. Pakhungu lathu lakudali chikasu chimabisala, ndipo ngakhale azamba ozolowera amatha kuchiona chochepa pamene m'magazi chachuluka.

Kuchipatala amayeza ndi kachipangizo kogunditsa pachipumi kapena pachifuwa, kapena amatenga magazi pang'ono. Nambala imene ituluke amaiwerenga poyerekeza ndi msinkhu wa mwana, ndiye kanenani tsiku ndi ola lenileni limene anabadwa. Mwachitsanzo, muyezo wa 15 mg/dl kwa mwana wathanzi wa masiku anayi wobadwa pa nthawi yake nthawi zambiri umangofuna kuyamwitsa kwambiri ndi kudzayezanso. Muyezo womwewo kwa mwana wa tsiku limodzi, kapena wobadwa masiku asanakwane, umafuna chithandizo nthawi yomweyo.

Chimene timaopa n'chakuti bilirubini akachuluka kwambiri amalowa mu ubongo wa khanda, ndipo akaononga sizibwereranso mwakale. Mwana amatha kukhala wosamva kapena wolumala ziwalo moyo wake wonse. Apa ndiye pamene nkhani ya kugona ikundikhudza. Makanda onse amagona kwambiri, koma wathanzi amadzuka yekha njala ikamupweteka, kapena mukamudzutsa amagwira bere mwamphamvu. Mwana amene akuvuta kudzutsa, akuyamwa mofooka n'kusiya, walobodoka, akulira mokuwa ndi mawu osongoka, akupinda msana ndi khosi chakumbuyo, akutentha kapena kuzizira thupi, kapena akukomoka, ameneyo n'ngofunika kuthamanga naye ngakhale pakati pa usiku.

Chithandizo chake n'chosavuta ngati mwafika msanga. Mwana amagonekedwa pansi pa magetsi a buluu ali ndi thewera lokha, maso ataphimbidwa. Kuwalako kumasintha bilirubini pakhungu kuti athe kutuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. Nthawi zambiri zimatenga tsiku limodzi kapena angapo, ndipo mumapitiriza kuyamwitsa. Ngati pachipatala chaching'ono chakwanuko palibe magetsi amenewa, adzakutumizani kuchipatala chachikulu. Muyezo ukakwera moopsa m'pamene amasintha magazi a mwana.

Apongozi anu akunena zimene ambiri anakula akumva, ndipo ndi zoona kuti kuwala kumathandiza. Vuto n'lakuti dzuwa la ku Balaka litha kuwotcha khungu la khanda, kulitenthetsa thupi ndi kulithetsa madzi, pamene kuotha kwa mphindi zochepa m'mawa sikungatsitse chikasu chimene chakwera. Choipa kwambiri n'chakuti kumachedwetsa anthu, amatha masiku atatu akuotheretsa mwana pamene muyezo ukukwera. Muwapemphe mwaulemu akuperekezeni, akamve okha kwa anamwino. Ngati pali mwambo wakuti mwana asatuluke m'chikuta mchombo usanagwe, kuchipatala kokha kusaletsedwe.

Chimene mungachite kunyumba n'kuyamwitsa, ka 8 mpaka 12 pa maola 24, kumudzutsa ngati wagona kupitirira maola atatu. Mkaka ndi umene umayendetsa chimbudzi, ndipo chimbudzi n'chimene chimatulutsa utotowo. Pofika tsiku lachisanu azinyowetsa matewera asanu ndi limodzi kapena kuposa patsiku, ndipo chimbudzi chakuda chija chikhale chitasanduka chachikasu. Musamupatse madzi, madzi a shuga, kapena mankhwala azitsamba. Chotsaninso timibulu toyera tonunkha tija timene anthu amaika m'sutikesi pothamangitsa tizilombo m'zovala. Ana ambiri aamuna kuno ku Africa amabadwa ndi vuto la magazi lotchedwa kuchepa kwa G6PD, ndipo fungo la timibuluto pa zovala ndi zofunda litha kuswa magazi awo mwadzidzidzi.

Pali china choti muzikumbukira ngakhale akakuuzani lero kuti zonse zili bwino. Chikasu chikapitirira masiku 14, kapena 21 kwa wobadwa masiku asanakwane, bwererani. Nthawi zambiri chimakhala chongochedwa kutha mwa mwana woyamwa amene akukula bwino, ndipo si chifukwa chosiyira bere. Koma yang'anani thewera. Chimbudzi chotuwa kapena choyererera, ndi mkodzo woderapo wothimbiriritsa thewera, zingasonyeze kuti njira ya ndulu ndi yotsekeka chibadwire. Vutoli limafuna opaleshoni, ndipo imayenda bwino kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri.

Tsopano za malemu apongozi anu. Kwa munthu wamkulu palibe chikasu chimene tinganene kuti n'chachibadwa, chilichonse chimafuna kufufuzidwa. Maso achikasu pamodzi ndi kutupa mimba nthawi zambiri amaloza ku chiwindi chimene chakhala chikuonongeka kwa zaka, ndipo kwathu kuno zimene zimabweretsa zimenezi kawirikawiri ndi mowa komanso matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, amene nthawi zina amafika pa khansa ya chiwindi. Kwa ena chikasu chimabwera ndi malungo aakulu, ndipo pamenepo thupi limatentha ndipo munthu amafooka m'masiku ochepa. Kwa enanso ndi timiyala kapena chotupa chotseka njira ya ndulu, ndipo amayabwa thupi lonse, mkodzo umada, chimbudzi chimatuwa. Mankhwala nawo amatha kuvulaza chiwindi, monga a chifuwa chachikulu, ma ARV ena, panado womwa mopitirira muyezo ndi zitsamba zina, choncho amene waona chikasu ali pa mankhwala akaonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Wamkulu wachikasu amene wayamba kusokonezeka mutu, kugona masana osadzuka bwino, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, ali pangozi yaikulu.

Choncho chikasu cha mwana wanu sichinachokere kwa agogo ake. Ngakhale matenda otupa chiwindi a mtundu wa B sabweretsa chikasu kwa khanda la masiku atatu. Komabe imfa imeneyo ikupatseni chifukwa chochitira chinthu chimodzi. Matendawa amayenda m'mabanja mwakachetechete, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, pakati pa ana a m'nyumba imodzi akadali aang'ono, kudzera m'magazi ndiponso pogonana. Munthu amatha kukhala nawo zaka 20 kapena 30 osamva kalikonse. Ngati buku la kuchipatala la malemu lilipo, kalionetseni kwa dokotala kuti akuuzeni chimene chinalembedwa. Kaya lilipo kaya palibe, inu ndi bambo a mwana mupemphe kuyezedwa magazi. Amene wapezeka nawo amayang'aniridwa, ndipo pali mankhwala, monga tenofovir, amene amateteza chiwindi kwa amene akufunika kumwa.

Kwa mwanayo nkhaniyi ndi yofunika chifukwa makanda pafupifupi 9 mwa 10 amene atenga kachilomboka pobadwa amakhala nako moyo wonse. Ku Malawi katemera wake anaphatikizidwa mu katemera wa kusikelo kuyambira chaka cha 2002, ndipo amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Musaphonye ngakhale mmodzi. Mukakafika lero, mukatchule za imfa ya apongozi anu, ndipo mukafunse ngati munayezedwa matendawa muli oyembekezera, chifukwa ngati inuyo muli nako, achipatala ayenera kudziwa msanga kuti aone mmene angatetezere mwanayo.