Kukaona mnzako woferedwa pamene mawu akusowa

"Agogo, mayi a mnzanga wapamtima anamwalira masabata atatu apitawo, koma mpaka lero sindinapite kukamuona chifukwa ndikuopa kulankhula zomuwonjezera chisoni. Kodi ndikanene chiyani?"

Mdzukulu wanga, pita sabata yomwe ino, chifukwa ino ndiyo nthawi imene anthu opepesa amakhala atabalalika, ndipo woferedwa amayamba kuona bwinobwino kuti m'nyumba mwachokadi munthu. Ukakafika usakachulutse zifukwa zimene unachedwera, chifukwa ukatero mnzakoyo ndiye adzayambe kutonthoza iwe. Ukangonena kuti, "Pepa mnzanga, ndachedwa kubwera, ndipo mawu ndilibe, koma ndabwera." Ukatha kunena zimenezo ukakhale naye pansi ndi kumudikira.

Kudikirako ndiko kumavuta, pakuti pakakhala zii mtima umakukakamiza kuti unene kanthu, ndipo mawu opweteka amatuluka nthawi imeneyo. Mwamuna wanga atamwalira, ambiri ankandiuza kuti ndilimbe mtima ndisiye kulira. Ankanena ndi mtima wabwino, koma ine ndinkamva ngati misozi yanga yawatopetsa, choncho ndinayamba kumalira ndekha usiku. Wina anati akudziwa mmene ndinkamvera, n'kuyamba kusimba za maliro a kwawo mpaka ine wolira ndinasanduka womvetsera. Amene anandithandiza ndi mayi wina amene anatchula dzina la mwamuna wanga mosaopa, n'kundikumbutsa mmene ankasekera mpaka kutsokomola. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, koma mtima unapepuka, chifukwa ndinadziwa kuti sindikumukumbukira ndekha.

Iwenso ukatchule chinthu chimodzi chenicheni chimene umakumbukira cha mayiwo. Mnzako akalira, usaganize kuti walakwitsa, chifukwa misoziyo inalipo kale. Koma ukaona kuti akuyankha mwachidule, akuyang'ana kumbali kapena akusintha nkhani, umutsatire kumene akupitako, ngakhale ayambe kukamba za sukulu kapena ntchito. Usamufunse mmene matenda anayendera pokhapokha atayamba yekha, ndipo akamadziimba mlandu kuti akanachita zakuti mayi ake akanachira, usamudule mawu. Umumvetsere kaye mpaka amalize, kenaka umukumbutse zimene unamuona akuwachitira.

Potsanzika usanene kuti akafuna chilichonse akuuze, chifukwa munthu wachisoni alibe mphamvu zopempha. Utchule chinthu ndi tsiku, monga kunena kuti, "Ndibweranso Loweruka m'mawa tidzachape limodzi," ndipo tsikulo likafika ubweredi.

Pali chimodzi chimene sungachisiye kuti chidutse. Ukamumva akunena kuti akufuna kutsatira mayi ake kapena kuti moyo ulibenso ntchito, umufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikuika ganizolo mwa munthu. Akavomera, usamusiye yekha ndipo usamulonjeze kusunga chinsinsi. Uuze wamkulu amene iye amamukhulupirira, ndipo mumuperekeze kwa a zaumoyo tsiku lomwelo.