Mndandanda wa katundu wosakanikirana: mungaugawe bwanji m'magulu?

"Ndimasunga katundu m'golosale ya malume anga. Titawerengera katundu kumapeto kwa mwezi, ndinalemba zonse mu Excel, mizere pafupifupi 600, monga mmene tinkazipezera m'mashelefu. Tsopano malume akufuna adziwe ndalama zimene zagona pa zakudya pazokha, zochapira pazokha, ndi zina zotero. Ndinadina Subtotal koma inangodzaza mizere ya Total paliponse. Ndithandizeni."

Achimwene, Subtotal sidziwa kuti shuga ndi chakudya. Imangotsika ndi danga limene mwaiuza, ndipo ikaona kuti mawu a mzere uno asiyana ndi a mzere wapamwamba, imaika chiwonkhetso pomwepo. Ndiye ntchito yaikulu ili pa danga la gulu. Likakhala loyera, zotsalazo n'zamphindi zochepa.

Choyamba chotsani zimene zalowa kale: pitani pa Data, dinani Subtotal, kenako Remove All. Mukatero koperani tsamba lonse, muzigwirira ntchito pa lokoperalo. Loyambalo lisiyeni mmene lilili, chifukwa ndi limene likusonyeza mmene munayendera m'mashelefu, ndipo mudzalifuna tsiku limene wina adzatsutse nambala.

Tiyeni tigwiritse ntchito mizere 6 yokha, ndi mitengo yongoyerekezera. Danga A ndi dzina la katundu, B kuchuluka kwake, C mtengo wa chimodzi, D ndalama zonse, E gulu. Sopo wochapira alipo 40 pa K1,500, ndiye K60,000. Shuga mapaketi 25 pa K3,000 ndi K75,000. Makandulo 60 pa K500 ndi K30,000. Mafuta ophikira mabotolo 10 pa K9,000 ndi K90,000. Sopo wa ufa mapaketi 20 pa K2,000 ndi K40,000, ndipo machesi 100 pa K100 ndi K10,000. Danga D musamalembe pamanja. Mu D2 ikani izi n'kukokera mpaka pansi:

```
=B2*C2
```

Musanasunthe chilichonse, wonkhetsani danga D lonse ndipo nambalayo muilembe papepala. Pachitsanzo chathu ndi K305,000. Nambala imeneyi ndiyo mboni yanu: magulu onse akaphatikizidwa ayenera kubwerera pa iyo, osaperewera ngakhale tambala.

Tsopano magulu. Khalani pansi ndi malume musankhe mayina, ndipo asachuluke. Kwa golosale ndimaona kuti 8 kapena 10 amakwana. Lamulo lake n'lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi gulu limodzi lokha. Machesi mungawaike ku Zowunikira kapena ku Zakukhitchini, zonse n'zomveka, koma mukasankha musasinthenso pakati panjira. Gulu la "Zina" mulisamale kwambiri. Limayamba ndi zinthu ziwiri, pofika mzere wa 400 munthu watopa, chilichonse chovuta akungoponya mmenemo, ndipo pamapeto pake malume adzapeza kuti gulu lalikulu m'sitolo mwawo ndi losadziwikalo.

Mayina a maguluwo alembeni kamodzi pambali, tinene kuyambira G2 kutsika. Kenako sankhani danga E, pitani pa Data, Data Validation, pa Allow sankhani List, ndipo pa Source sonyezani mayina aja. Kuyambira apo mumangosankha dzina, osalitaipa. Izi n'zofunika chifukwa kwa kompyuta "Zakudya" ndi "Zakudya " yokhala ndi mpata kumapeto ndi mawu awiri osiyana, pomwe diso lanu silingaone kusiyana. Kuti musadine ka 600, yatsani Filter pa danga A, fufuzani mawu akuti sopo, lembani gulu pamzere woyamba n'kukokera pansi pa mizere imene ikuoneka. Muziyang'anabe zimene zatuluka, poti sopo wosambira mwina mukumufuna ku Zodzola.

Danga E likadzaza, dinani selo imodzi mkati mwa mndandanda, pitani pa Data, Sort, ndipo pa Sort by sankhani Gulu. Onetsetsani kuti palibe mzere wopanda kanthu pakati, chifukwa Excel imaona ngati mndandanda wathera pamenepo n'kusiya zapansi zosasanja. Ikakufunsani, sankhani Expand the selection. Mukasanja danga limodzi lokha, magulu amasuntha koma katundu n'kukhala pomwepo, shuga n'kupezeka ali ku Zowunikira, ndipo chiwonkhetso chachikulu chimakhalabe cholondola moti simungazindikire msanga.

Apa ndiye bwererani pa Subtotal. Pa At each change in sankhani Gulu, pa Use function sankhani Sum, pa Add subtotal to chongani Ndalama yokha. Kuchuluka musakuchonge: mapaketi 25 a shuga ndi mabotolo 10 a mafuta zikapanga 35, ndi 35 ya chiyani? Chitsanzo chathu chipereka Zakudya K165,000, Zochapira K100,000, Zowunikira K40,000, ndipo Grand Total K305,000, yofanana ndi ya papepala ija. Kumanzere kubwera timanambala 1, 2 ndi 3. Mukadina 2 mutsala ndi mizere ya magulu yokha, yomwe ndi imene malume akufuna. Ngati batani la Subtotal lili lotuwa osadinika, ndiye kuti mndandanda wanu munaupanga Table. Dinani mkati mwake, pa Table Design sankhani Convert to Range.

Pali misampha iwiri ikatha ntchitoyi. Mukawonkhetsanso danga D ndi SUM, iwerengera katundu pamodzi ndi ziwonkhetso za magulu komanso Grand Total, ndipo K305,000 isanduka K915,000. Grand Total sigwa mumsamphawu chifukwa imagwiritsa ntchito SUBTOTAL, yomwe imadumpha ma SUBTOTAL anzake. Wachiwiri ndi pokopera: mukadina 2 n'kukopera zimene mukuona, mizere yobisika imabwera nawo. Mukasankha, yambani mwadina Alt pamodzi ndi batani la ; musanakopere, kuti itenge zooneka zokha.

Komabe ndikuuzeni maganizo anga. Subtotal ndi yabwino posindikiza lipoti la tsiku limodzi, koma kwa mndandanda umene mwezi uliwonse mukuwonjezera katundu imatopetsa, poti nthawi iliyonse muyenera kuichotsa, kusanja, n'kuibwezeretsa. Pamenepo ndimakonda SUMIF, yomwe siifuna kusanja. Pa tsamba lopanda ziwonkhetso, pafupi ndi mayina a magulu aja, lembani mu H2 n'kukokera pansi:

```
=SUMIF($E$2:$E$601,G2,$D$2:$D$601)
```

Iyi imayenda mu danga E lonse, kulikonse kumene yapeza dzina lili mu G2 imatola ndalama za mzere umenewo. Zizindikiro za $ zimagwira malire kuti asatsetsereke pokokera. Mukawonjezera mizere pansi, kumbukirani kukweza 601.

Vuto la SUMIF ndi lakuti ikaphonya sidandaula. Tinene mafuta ophikira aja gulu lake linalembedwa ndi mpata kumapeto. Zakudya zionetsa K75,000, nambala yooneka bwinobwino, ndipo magulu onse apanga K215,000. Choncho pansi pa magulu ikani selo yofananitsa. Ngati magulu anu ali 10, ikhala motere:

```
=SUM(D2:D601)-SUM(H2:H11)
```

Iyenera kuonetsa 0. Ikaonetsa 90,000, dziwani kuti pali katundu wa ndalama zimenezo amene alibe kwawo. Tsegulani Filter pa danga E muone mayina onse: dzina lolembedwa molakwika, kapena (Blanks), lionekera pamenepo. Mipata yobisika ichotseni ndi =TRIM(E2) m'danga lina, kenako mukopere zotulukazo n'kuziika pa E ndi Paste Values. Ndipo mukaona #VALUE! mu danga D, yang'anani B ndi C pamzere womwewo. Kawirikawiri wina analemba "25 mapaketi" m'malo mwa 25 yekha.