ATP 2 kapena 38: mphamvu yotsalayo imapita kuti?

"Akuluakulu ndithandizeni, mayeso ali pafupi. M'manotsi alemba kuti bakiteriya akamapanga famentesheni amapeza ATP 2 pa gulukozi mmodzi, koma akamagwiritsa ntchito okosijeni amapeza 38. Shuga ndi yemweyo, nanga kusiyana konseku kukuchokera pati? Ndangoloweza koma sindikumva."

Achemwali, tiyambire pa chambiko. Mukasiya mkaka m'botolo masiku otentha a Okutobala kuno ku Blantyre, mawa lake mupeza wawawasa ndipo wagwirana. Ogwira ntchito imeneyi ndi mabakiteriya a m'gulu la Lakitobasilasi ndi abale ake. Kuwawasako ndi lakitiki asidi, ndipo mphamvu imene mukuifunsayo ili mmenemo. Sinatayike. Bakiteriyayo walephera kuitulutsa, ndiye waitaya ili mkati mwa asidi. Zili ngati wootcha makala ku Neno: nkhuni zapsa ndithu, moto pang'ono watuluka, koma moto wambiri watsalira m'makala, n'chifukwa chake ku Ndirande anthu amagula makalawo n'kuphikira nsima. Kupuma ndi okosijeni ndi kuotcha nkhuni zija mpaka phulusa.

Njira zonse ziwiri zimayamba mofanana, ndi gilaikolisisi. Gulukozi ali ndi makaboni 6, ndipo amadulidwa pakati kukhala zidutswa ziwiri za payiruveti, chilichonse makaboni 3. Selo imalowetsa ATP 2, timamolekyu tonyamula mphamvu m'selo, ngati mpamba, n'kupeza ATP 4, phindu n'kukhala 2. Apa okosijeni safunika nkomwe. Koma pali china chimene ambiri amachidumpha poloweza: podula gulukozi paja pamachotsedwa maelekitironi, ndipo amanyamulidwa ndi NAD+, amene akanyamula amasanduka NADH. Pa gulukozi mmodzi pamatuluka NADH 2.

NAD+ ameneyu muziganiza ngati ndowa za pakhomo. Ndi zochepa, ndipo selo siingapange zatsopano nthawi iliyonse. Ndowa zonse zikadzadza popanda pokhuthulira, kutunga kwatha, ndiye kuti gilaikolisisi yaima, ngakhale ATP 2 uja sapezekanso. Funso lenileni la bakiteriya aliyense ndi lakuti: maelekitironi awa ndikakhuthulire kuti?

Bakiteriya wa m'chambiko alibe kopita nawo, choncho amawabwezera pa payiruveti yemwe uja. Payiruveti akalandira maelekitironi amasanduka lakitiki asidi, ndowa yakhuthulidwa, ntchito ipitirira.

C6H12O6 → 2 C3H6O3 + 2 ATP

Onani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaluzira malikisi. Sitepe yosandutsa payiruveti kukhala asidi siitulutsa ATP ngakhale mmodzi. ATP 2 aja ndi a gilaikolisisi. Ntchito ya sitepe yomalizayi ndi kubwezeretsa NAD+ basi. Onaninso kuti makaboni onse 6 akadali m'mamolekyu awiri a asidi, palibe ndi mmodzi yemwe amene wafika pa CO2. Magalamu 180 a gulukozi amapereka pafupifupi magalamu 180 a lakitiki asidi. Tikayeza mphamvu yake, kuotcha molo imodzi ya gulukozi mpaka mapeto kumamasula makilojulu pafupifupi 2870, pamene kuisandutsa lakitiki asidi kumamasula pafupifupi 200 okha. Ndiye kuti pa magawo 100 alionse, oposa 90 atsalira m'chambikomo, n'chifukwa chake inu mukamwa mumapezabe mphamvu.

Tsopano titenge E. coli, wa m'matumbo mwathu, amene amatha njira zonse ziwiri. Okosijeni akakhalapo, payiruveti sakhalanso dzala lotayirako maelekitironi, amakhala chakudya. Amayamba wathotholedwa kaboni mmodzi amene amatuluka ngati CO2, ndipo chotsala cha makaboni awiri chimalowa m'mzungulire wa Krebs, umene Hans Krebs anaufotokoza mu 1937. Mmenemo makaboni otsalawo amatulukanso ngati CO2. Pomaliza gulukozi yense watha, wasanduka CO2 6.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale zafika pamenepa, ATP wopezeka mwachindunji ndi 4 yekha: 2 wa gilaikolisisi ndi 2 wa Krebs. Chuma chenicheni chili m'ndowa zimene zadzadza. NADH alipo 10: 2 a gilaikolisisi, 2 a pothothola kaboni pa payiruveti, 6 a Krebs. Palinso chonyamulira china, FADH2, ziwiri.

Ndowa zimenezi zimakakhuthulidwa pa mndandanda wa mapuloteni amene ali pa khungu la selo. Musadzalembe kuti zimachitikira mu maitokondiriya, chifukwa bakiteriya alibe maitokondiriya; ndachongapo mapepala ambiri olemba choncho, ndipo zimandiwawa chifukwa zina zonse amakhala akhoza. Maelekitironi amapatsirana kuchoka pa puloteni iyi kupita pa iyo, ndipo kumapeto amalandiridwa ndi okosijeni, n'kupanga madzi. Okosijeni amakoka maelekitironi mwamphamvu kwambiri kuposa payiruveti, ndiye mtunda umene maelekitironi amatsika ndi wautali. Potsikapo mapuloteni aja amapopera ma H+ kunja kwa khungu, n'kuwaunjika kumeneko.

Ngati munafikako ku Nkula pa mtsinje wa Shire, mwaona kale zotsatira zake. Madzi otchingidwa pamwamba amaloledwa kutsika kudzera pa makina okha, makinawo n'kuzungulira, magetsi n'kutuluka. Ma H+ nawonso sangabwerere m'selo paliponse, amadutsa pa enzayimu imodzi yopanga ATP, ndipo enzayimu imeneyi imazunguliradi ngati gudumu, si fanizo chabe. Ganizo lakuti ma H+ ounjikidwa aja ndiwo amayendetsa kapangidwe ka ATP anabwera nalo ndi Peter Mitchell mu 1961, anzake anamukana kwa zaka zambiri, koma mu 1978 analandira nalo mphoto ya Nobel.

Masamu a m'manotsi mwanu amachokera apa. Mabuku akale amati NADH mmodzi amapereka ATP 3, FADH2 mmodzi ATP 2.

(10 × 3) + (2 × 2) + 4 = 38

Ndiye pa 38 paja, 34 achokera pa khungu la selo. Wopanga famentesheni sagwiritsa ntchito makina amenewa, ndipo NADH wake amamuthira pa payiruveti osapezapo kanthu. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Pamayeso lembani 38 ngati silabasi yanu ikutero, koma dziwani kuti imeneyi ndi nambala ya papepala. Miyeso ya masiku ano imati NADH amapereka pafupifupi 2.5 ndipo FADH2 1.5, zimene zimatifikitsa cha pa 30 mpaka 32. Kwa mabakiteriya ambiri nambalayo imatsikanso, chifukwa mapuloteni awo si ofanana. E. coli ali ndi maenzayimu osiyana operekera maelekitironi kwa okosijeni. Mpweya ukachepa amasinthira ku ina imene imagwira okosijeni ngakhale ali wochepetsetsa, koma imaunjika ma H+ ochepa. Komanso ma H+ ena sapita n'komwe kokapanga ATP, amagwiritsidwa ntchito kuzunguza kamchira kosambirira ndi kukokera chakudya m'selo. Ngakhale 2 wa famentesheni si wa onse. Alipo mabakiteriya ena owawasitsa zakudya amene amatulutsa lakitiki asidi, mowa ndi CO2 pamodzi, ndipo amenewo amapeza ATP 1 yekha pa gulukozi. Thovu la gasi limene limatupitsa botolo la thobwa lokhalitsa limachokera kwa oterewa komanso kwa yisiti.

Tiyeni tiike E. coli ndi Lakitobasilasi pa ntchito imodzi. Tinene kuti aliyense akufuna ATP 38. Wopuma ndi okosijeni, mwa masamu a m'buku, adya gulukozi mmodzi, n'kusiya madzi ndi CO2 amene amangouluka. Mnzakeyo ayenera kudya magulukozi 19, ndipo asiya mamolekyu 38 a lakitiki asidi pomwe akukhalapo. Chulukitsani ndi mabiliyoni a maselo m'botolo limodzi. Mkaka watsopano uli ndi pH ya pafupifupi 6.7, ndipo ikatsika kufika cha pa 4.6 puloteni ya mumkaka imagwirana, chambiko chapsa. Kenako mabakiteriyawo amafooka ndi asidi wawo yemwe, shuga wa mumkaka akadalipo wambiri. Chimawaimitsa si njala, ndi zinyalala zawo.

Louis Pasteur, amene anasonyeza mu 1857 kuti lakitiki asidi amapangidwa ndi tizamoyo, anaonanso pa yisiti kuti mpweya ukasowa shuga amatha msanga koma maselo amachuluka pang'ono, ndipo mpweya ukabwera shuga amadyedwa pang'ono maselo n'kuchuluka kwambiri. Mu labu mungaone zomwezo. Bzalani E. coli m'machubu awiri a msuzi wa gulukozi wofanana, imodzi muziigwedeza kuti mpweya ulowe, inayo muitseke pamwamba ndi mafuta. Mawa yogwedezayo imakhala yoderako kwambiri chifukwa maselo achuluka. Yotsekayo imakhala yoyererako, koma pH yake yatsika, ndipo ngati munaikamo kachubu kakang'ono kozondotsa mupezamo thovu la gasi. Ndili pasukulu ndinalakwitsapo zimenezi: ndinadzadza chubu cha mpweya mpaka pakamwa osachigwedeza, machubu onse awiri n'kutuluka owawasa mofanana. Okosijeni amasungunuka pang'ono kwambiri m'madzi, ndiye a pansi anamaliza wawo msanga n'kuyamba famentesheni.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji osangopuma onse? Lakitobasilasi sangathe ngakhale mutamupatsa mpweya wochuluka, chifukwa sapanga yekha himu, kachinthu ka ayironi kamene mapuloteni onyamula maelekitironi amafuna. N'chifukwa chake chambiko chimawawasa ngakhale botolo lili losatseka. Koma si wosauka monga akuonekera. Gilaikolisisi imathamanga, makina ake ndi ochepa ndi otchipa kumanga, ndipo pamalo pamene shuga ali mbwee monga mumkaka, kudya mowononga sikupweteka. Asidi ujanso amathamangitsa opikisana naye, kuphatikizapo ambiri oyambitsa matenda otsekula m'mimba. Ngakhale E. coli, shuga akachuluka kwambiri, amayamba kutaya asetiki asidi mpweya ulipo. Wogulitsa tomato mu Limbe amene amapeza phindu lochepa pa mulu koma amagulitsa milu yambiri pa ola akhoza kumuposa wodikira kasitomala mmodzi wolipira bwino.

Msampha wina wa pamayeso ndi uwu: kusowa kwa okosijeni sikutanthauza famentesheni nthawi zonse. E. coli akasowa okosijeni koma naitireti alipo, amagwiritsabe ntchito mndandanda wa pakhungu uja, wolandira maelekitironi kumapeto n'kukhala naitireti. Kumeneko ndi kupuma kopanda okosijeni, ndipo ATP wake amaposa wa famentesheni koma safika pa wa okosijeni, chifukwa naitireti sakoka mwamphamvu ngati okosijeni. Choncho akakupatsani funso, yang'anani amene walandira maelekitironi pomaliza. Ngati ndi chidutswa cha shuga yemweyo, monga payiruveti, ndi famentesheni. Ngati ndi chinthu chochokera kunja kudzera pa mndandanda wa pakhungu, ndi kupuma. Yesani kulemba nokha masamu a 38 aja osayang'ana, kenako muwabwereze ndi 2.5 ndi 1.5, muponye yankho lanu pano ndilione.