Suti yakukhalani, koma khosi ndi la wina

"Ndinajambulitsa nditavala tisheti, kenaka apu ya pafoni inandiveka suti kuti chithunzicho ndichiike pa kalata yofunsira ntchito. Suti yakhala bwino, koma khosi layera ngati ndimadzola zoyeretsa khungu, ndipo m'mphepete mwa kolala muli kamzere koyera. Ndikonze bwanji?"

Achimwene, khosilo si lanu ayi. Apu ikamachotsa tisheti imafufutira limodzi khungu loyandikana nayo, n'kupeka lina. Ndiye musanayambe kulimbana ndi mtundu, bwezani kaye lanu lenilenilo. Mu Photoshop, kapena Photopea yomwe ndi yaulere pa intaneti, ikani chithunzi choyamba pansi, cha suti pamwamba, zigwirizane maso ndi maso. Chapamwambacho chipatseni Layer Mask, mupake zakuda pakhosi ndi burashi yofewa. Khungu lanu litulukira lokha. Chotsala ndi kachigawo kokha komwe tisheti inaphimba.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwa, timayeza ndi maso, chonsecho maso amanama. Tengani Eyedropper, muyiike pa 11 by 11 Average, muyeze khungu lenileni pafupi ndi pomwe lakumana ndi lopekalo. Pachipumi musayezepo, pamanyezimira, pomwe khosi limakhala mumthunzi wa chibwano. Tinene kuti lenileni lakupatsani R 112, G 74, B 56, lopeka R 140, G 105, B 92. Sankhani kachigawo kopekako, mutsegule Curves. Pa Red dinani pamzere, Input 140, Output 112. Green ikhale 105 kupita ku 74, Blue 92 kupita ku 56. Taonani kuti Blue ndi yomwe yatsika kwambiri: kuchuluka kwakeko ndi komwe kumachititsa khosi kutuwa ngati lapakidwa phulusa. Mukangodetsa osakhudza Blue, likhala lakuda koma lotuwabe.

Kuti mutsimikize, yatsani Black & White pamwamba kwa kanthawi. Malire akamaonekabe, kuwala sikunafanane.

Kamzere koyerako ndi zotsalira za podula. Kulitsani chithunzi kufika 200%, mukafufute pa masiki ndi burashi yaing'ono yolimba, mapikiselo awiri okha. Yofewa ayi, kolala imaoneka ngati ikusungunukira m'khungu. Mukatero suti ioneka yoyandama, chifukwa kolala yeniyeni imagwetsa mthunzi. Tsegulani leya ina ya Multiply, mutenge bulauni wa pansi pa chibwano, Opacity 15%, mupake kamzere kopyapyala pakhungu motsata kolala. Mbali ya mthunzi ikuuzani ndi mphuno: komwe kwada, nakonso pakhosi kude.

Khungu lopeka limasalala mopitirira, ngati la chidole. Lipatseni Add Noise ya 1 kapena 2%, Monochromatic, lifanane ndi tsaya.

Koma chokonzachi musapite nacho kokapangitsa pasipoti kapena chiphaso. Kumeneko bwerekani jekete mukajambulitse.